Makalata Akaleka Kuyenda

Kuno ku Nkhorongo, kumpoto kwa mzinda wa Mzuzu, kumene minda ya chimanga ya dzana yasanduka mapuloti ndipo nyumba za malata zikumera chaka ndi chaka, ndidaona ndi maso anga mmene anthu awiri aulemu wawo, opembedza onse, osakonda ndewu onse, angafikire posalankhulana chifukwa cha kachigawo ka nthaka kosapitirira mapazi anayi m'lifupi mwake. Mmodzi ndiye mnansi wanga, bambo wopuma pa ntchito amene adamanga kuno kale. Winayo ali ku Joni, ndipo ankatumiza ndalama kwa mlamu wake kuti am'mangire mpanda wa njerwa kuzungulira puloti yake. Amisiri pokumba maziko adalumpha mzere wa nkhadze umene mnansi wanga ankauyesa malire, ndipo popeza mwini mpanda adali kutali, mlandu wonse udayenda pa makalata, ena a papepala, ena a pafoni. Ine ndidalowamo monga mlembi chabe, pakuti maso a mnansi wanga adayamba kuchita chidima.

Kalata yoyamba idali yaifupi, yodzala ndi moni ndi mafunso a moyo wa ana, ndipo yankho lake lidabwera msanga, laulemu momwemo. Yachiwiri idatalikirapo. Yachitatu idayamba kuwerenga zaka, kutchula amene adalipo tsiku logula malo, ndi kukumbutsa mawu amene wina adanena pa maliro zaka zisanu zapitazo. Yankho la yachinayi lidalembedwa ndi loya. Yachisanu sidayankhidwe konse. Miyezi inayi idapita, maziko adadzala madzi a mvula, njerwa zounjikidwa zidamera ndere, ndipo ana a nyumba ziwirizo, amene kale ankapita limodzi kusukulu, adayamba kudzera njira zosiyana.

Nchifukwa ninji makalata amafika pouma chotere, ngakhale olemba ake sali anthu oipa mtima? Ndidalingalira za ichi nthawi yaitali, ndipo ndidapeza kuti mawu a pakamwa amauluka, kotero kuti munthu akhoza kuyesa kunena kuti "kapena ndidalakwa" naona nkhope ya mnzake asanapitirize. Koma mawu olembedwa amakhala, ndipo aliyense wolemba adziwa kuti tsiku lina pepalalo lingadzayalidwe pamaso pa woweruza. Tsono kuyambira pa kalata yachitatu munthu salemberanso mnzake ayi, alembera woweruza amene sanamuone. Sangavomere kanthu ngakhale kakang'ono, sangatchule chimene chikumuwawa kwenikweni, angobwereza zomwe adanena kale ndi mawu okulirapo. Zizindikiro zake sizisowa: makalata atalika koma alibe chatsopano, aleka kupempha nayamba kusimba mbiri, atumizidwanso kwa anthu ena kuti akhale mboni, ndipo pomaliza mbali imodzi ingokhala chete. Pofika apo, kalata ina yonena za malire ili ngati kuthira madzi pa mwala. Kalata imodzi yokha ndiyo yatsala, yosafunsanso kuti wolakwa ndani, koma yofunsa kuti tikhale pansi pamaso pa yani.

Makolo athu funso limeneli adaliyankha mkangano usanabadwe, ndipo apa ndipo pagona nzeru yaikulu ya mwambo wathu. Pa tsiku la chinkhoswe, mitima ili yoyera ndipo nkhuku zili pamoto, banja lililonse liloza nkhoswe yake. Kwa abale athu Atumbuka, amene ndakhala pakati pawo zaka zambiri, thenga amene adayenda pakati pa mabanja awiri pofunsira mbeta sataya udindo wake ukwati ukachitika. Chotero mwamuna ndi mkazi akasiya kumvana, wopita kwa ankhoswe sayesedwa wogonja kapena woulula za m'nyumba, pakuti angoyenda m'njira imene onse awiri adailambula kale. Koma tiyenera kuzindikira chinthu chimodzi chimene alendo ambiri sachiona: nkhoswe si munthu wopanda mbali. Ali ndi mbali yake yodziwika, ndiye mbale wa mmodzi wa okanganawo. Chimene chimam'patsa mphamvu ndicho chakuti ukwatiwo ukatha manyazi agwera iyenso, ndipo ali ndi ufulu wodzudzula m'bale wake ndi mawu amene mlendo sangayerekeze kuwanena. Momwemonso mfumu pabwalo, kapena akuluakulu pamphala, sakhulupiriridwa chifukwa chosadziwa okanganawo, koma chifukwa chowadziwa onse awiri kuyambira ubwana, ndi chifukwa chakuti mawa adzamwa nawo madzi a chitsime chimodzi. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo dambolo lili m'mudzi momwemo.

Tsoka lake ndi lakuti Nkhorongo salinso mudzi wa fuko limodzi. Mnansi wanga adachokera ku Ntcheu, mwini mpanda kwawo ndi ku Karonga. Alibe gogo mmodzi, sapemphera mpingo umodzi, ndipo amene adawagulitsa malo, yemwe kumudzi akadakhala woyamba kufunsidwa, ndiye amene adaloza malire awiri osiyana kwa ogula awiri. Pamene ndidatchula za kupita kwa akuluakulu a dera, mnansi wanga adapukusa mutu nati, "Aphunzitsi, iwo aja adadya nawo za puloti imeneyi, adzaweruza bwanji mlandu umene iwo eni ali m'kati mwake?" Ndipo adaonjeza mawu amene ndawamva kwa anthu ambiri okangana: "Ndikayamba ine kupempha wotiyanjanitsa, adzati ndaona kuti mlandu wandipita."

Mantha amenewa si a ku Nkhorongo kokha, ndipo anthu a maiko ena adalimbana nawo m'njira yawo, ndiyo ya malamulo olembedwa. Pamene maiko adasonkhana ku Hague m'chaka cha 1899 kupangana za kuthetsa mikangano mwamtendere, adaona kuti nkofunika kulemba poyera kuti dziko limene lili kunja kwa mkangano likadzipereka kuyanjanitsa okangana, kudzipereka kumeneko kusayesedwe chipongwe kapena udani. Adalembanso kuti mawu a mkhalapakati ndi uphungu chabe, samanga munthu. Mfundo ziwirizi zili ngati mapasa: munthu alola mkhalapakati mosavuta akadziwa kuti polola sataya kanthu. Ku Mangalande makhoti adapita patali kuposa apo. M'chaka cha 2013 khoti la apilo la kumeneko, pa mlandu wa eni nyumba ndi ochita lendi, lidagamula kuti kungokhala chete munthu atakulembera kukupempha kuti mupite kwa mkhalapakati ndi khalidwe losayenera, ndipo mbali imene idanyalanyaza makalata oterowo idamanidwa ndalama zina zolipirira mlandu zimene ikadalandira. Ngakhale kwathu kuno, malamulo a khoti lalikulu a 2017 alamula kuti milandu yambiri yosakhala yaupandu iyambe yadzera pa kuyanjanitsa isanazengedwe. Kumene mwambo udachotsa manyazi a wopempha pakusankhiratu nkhoswe, lamulo lawachotsa pakuika mtolo pa wokana. Koma mkhalapakati wa njira iyi ndi mlendo, wosadziwa mbali iliyonse, wosapindula kanthu. Ndipo popeza palibe mwambo wom'tsogolera, zonse ziyenera kupanganidwa asanayambe ntchito: adzakhala yani, adzafunsidwa funso lanji, kufikira liti, ndipo zikakanika kudzatsata chiyani.

Kuti kupangana kumeneku sikuli kwamasewera, mzinda wathu womwe uno uli ndi umboni wake, pakuti m'mwezi wa Ogasiti 2012 nthumwi za Malawi ndi Tanzania zidakhala pansi muno mu Mzuzu kukambirana za malire a panyanja. Mlanduwo ndi wakale. Pangano la Angerezi ndi Ajeremani la pa 1 Julaye 1890, lotchedwa la Heligoland, lidaika malire m'mphepete mwa nyanja cha kum'mawa kufikira pamene mtsinje wa Songwe uthira. Malawi aimirira pa mawu amenewo, ndi pa chigwirizano cha atsogoleri a Afirika ku Cairo m'chaka cha 1964 chakuti malire opezedwa pa ufulu asasunthidwe. Tanzania anena kuti mwa chizolowezi cha maiko malire a nyanja yokhala pakati pa maiko awiri adzera pakati pa madzi, kuti anthu ake a ku Mbamba Bay ndi ku Kyela amwa ndi kuwedza m'madzi omwewo chiyambire makolo, ndi kuti kumbali ya Mozambiki malire adasunthidwa kale kufika pakati pa nyanja m'chaka cha 1954. Malawi ayankha kuti kusunthako kudachitika mwa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi, ndipo pangano lotero ndi Tanzania kulibe. Boma la Tanzania lidalemba kalata yonena maganizo ake m'chaka cha 1967. Mawu owawa adaponyedwa uku ndi uku m'masiku a Kamuzu ndi Nyerere, kenaka nkhaniyo idagona zaka makumi anayi, koma mlandu suola. Pamene Malawi adapatsa kampani ya Surestream chilolezo chofufuza mafuta panyanja m'chaka cha 2011, moto wogona m'phulusa udayakanso.

Zokambirana za ku Mzuzu sizidabale chipatso, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Malawi adadzipatula ku zokambiranazo, podandaula, mwa zina, za mapu atsopano a Tanzania oonetsa malire pakati pa nyanja. Taonani mmene zizindikiro zija za makalata ouma zidaonekera ngakhale pakati pa maboma: mbali iliyonse idabwereza zimene idanena kale, ndipo iliyonse inkalankhula kuti anthu a kwawo amve, osati mnzake wa patsidya. Pamenepo adachita chinthu chanzeru chimene ndifuna kuchiyamika poyera. Atakumananso ku Dar es Salaam mu Novembala, adagwirizana kupempha bungwe la atsogoleri opuma a maiko a Afirika kuti likhale pakati pawo. Ndipo mu Disembala nduna ziwiri zoona za maiko akunja, a Ephraim Chiume a Malawi ndi a Bernard Membe a Tanzania, zidapita pamodzi ku Maputo kukapereka pempholo kwa a Joaquim Chissano. Pempho lidali limodzi, onyamula awiri; palibe amene akadanenedwa kuti ndiye adayamba kugwada. A Chissano adathandizana ndi a Thabo Mbeki a ku South Africa ndi a Festus Mogae a ku Botswana, anthu atatu amene adalamulirapo maiko nasiya mipando yawo mwamtendere. Akadafunsidwa munthu aliyense kuti atchule akuluakulu oyenera m'chigawo chino, sakadapeza oposa amenewa.

Nanga chidalakwika nchiyani? Choyamba chidatulukira kumene anthu sadayang'aneko. Mu Epulo 2013 Pulezidenti Joyce Banda adanena poyera kuti Malawi wataya chikhulupiriro m'kuyanjanitsako, chifukwa mlembi wamkulu wa bungwe la atsogoleri opumawo adali mbadwa ya Tanzania, ndipo boma la Malawi lidam'ganizira kuti adaonetsa a kwawo zikalata za Malawi nthawi yake isanakwane. Sindili pano kuweruza munthuyo. Chimene ndinena ndi chakuti kukayikira kokhako kudakwanira kugwedeza ntchito yonse, kotero kuti a Chissano ndi a Mbeki adachita kubwera ku Lilongwe mu Julaye chaka chomwecho kudzalimbitsanso mitima. Posankha mkhalapakati tiyang'ana nkhope ya wokhala pampando, tiiwala wonyamula chikwama chake, wotsegula makalata, womasulira mawu. Koma zinsinsi za okangana zidzera m'manja a amenewa zisanafike kwa mkuluyo. Kumudzi ichi chidziwika bwino, pakuti munthu akana bwalo osati chifukwa cha mfumu, koma chifukwa nyakwawa yake idakwatira kubanja la mdani wake. Ichi cha mlembi uja chikadafunsidwa mu Novembala, chisanapite chikalata chilichonse, chikadakonzedwa ndi mawu awiri popanda wochita manyazi.

Chachiwiri ndicho chachikulu, ndipo pa ichi ndidzaima pang'ono. Mbali ziwirizo zidagwirizana za munthu, koma sizidagwirizane za funso. Malawi adapita ku Maputo monga munthu wopita kwa woweruza, ali ndi pangano la 1890 m'manja, kufuna kumva mawu amodzi okha, akuti malire ali pagombe. Tanzania adapita kufuna kumva kuti ali pakati pa madzi. Koma mkhalapakati si woweruza. Alibe mphamvu yolanda wina ndi kupatsa wina, ndipo tsiku limene anena kuti uyu ndiye wolungama, tsiku lomwelo winayo anyamuka nachoka. Ntchito yake ndiyo kufunafuna chimene onse awiri angachilole, ndipo nchifukwa chake pa msonkhano wa ku Maputo wa mu Malichi 2014, monga zidamvekera m'nyuzi za masikuwo, akuluakuluwo adayesa kutembenuzira nkhani ku kagwiritsidwe ntchito ka chuma cha m'nyanja, funso la malire lidikire. Malawi adati malire ayambe adziwika, pakuti munthu sagawana ndi mnzake chinthu asanadziwe mwini wake, ndipo msonkhano udatha popanda chogwirizana. Ine monga Mmalawi ndikhulupirira kuti mawu a pangano lija ndi omveka, ndipo sindidzudzula atsogoleri athu chifukwa chosafuna kugulitsa cholowa cha ana awo. Koma ngati chofunika chidali chigamulo, khomo loyenera lidali khoti la maiko la ku Hague. Ndipo khomo limenelo litseguka ndi makiyi awiri, popeza Tanzania sadavomere kuti khotilo likhale ndi mphamvu yom'koka popanda chilolezo chake. Chotero tidapempha kwa ankhoswe chimene ankhoswe sangapereke, ndipo popeza padalibe njira ina yotseguka kutsogolo, padalibenso chofulumizitsa aliyense. Chisankho cha 2014 chidabwera, boma lidasintha, ndipo kufikira lero mlanduwo sunathe.

Pali mkangano wina wa pamadzi, wa kutali kwambiri ndi ife, umene ndiuika pambali pa wathuwu chifukwa udatha. Argentina ndi Chile adalimbirana tizilumba titatu ta kumapeto kwenikweni kwa Amerika wa kumwera, pa mpata wa nyanja wotchedwa Beagle. Iwo adayamba ndi oweruza: chigamulo cha 1977 chidapatsa Chile tizilumbato, Argentina adachikana, makalata ndi misonkhano zidauma, ndipo pofika Disembala 1978 asilikali adali okonzeka kumenyana. Pamenepo Papa Yohane Paulo Wachiwiri, osadikira kuti mbali ina idzichepetse kupempha, adatuma Kadinala Antonio Samoré, amene adayenda uku ndi uku pakati pa Buenos Aires ndi Santiago kufikira pa 8 Januwale 1979, tsiku limene maiko awiriwo adasaina ku Montevideo pangano lopempha Papa kuti awayanjanitse, pamodzi ndi lonjezo lakuti sadzagwira zida. Onani kuti chipatso choyamba cha ulendo wa kadinalayo sichidakhudze tizilumba konse; chidali chigwirizano cha mmene adzakambirane ndi cha zimene sadzachita pokambiranapo. Ntchito yeniyeni idatenga zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Maganizo a Papa a mu 1980 Chile adawalola, Argentina sadawalole. Samoré adamwalira m'chaka cha 1983 asanaone mapeto. Ndipo pangano la mtendere lidasainidwa pa 29 Novembala 1984, anthu a ku Argentina atavomereza pa voti. Tizilumba tidakhalabe m'manja mwa Chile monga oweruza adanenera, koma malire a panyanja adakonzedwa mwa njira yakuti Argentina naye adatuluka ndi kanthu m'manja.

Chondigwira mtima pa nkhani imeneyi ndi chakuti Papa sadali mlendo kwa okanganawo. Maiko onse awiri adali a Chikatolika. Iye adali ngati gogo wa mabanja onse awiri, amene kum'kana kukadachititsa manyazi olamulira pamaso pa anthu awo omwe. Ku Roma nakonso, pamene a Chissano eni ake ndi a Afonso Dhlakama adasaina mtendere wa Mozambiki pa 4 Okutobala 1992, pakati pa oyanjanitsa padali anthu a gulu la Sant'Egidio ndi nthumwi ya boma la Italiya, koma padalinso mwana wa dziko lomwelo, Akibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira. Ndiye kuti ngakhale kumaiko a malamulo olembedwa, kuyanjanitsa kumene kwagwira kolimba kwakhala kosakaniza ziwirizi: chilungamo cha mlendo wosapindula kanthu, ndi kulemera kwa mkulu amene okangana achita naye manyazi.

Ndi maganizo amenewa ndidabwerera kwa mnansi wanga madzulo ena a mwezi wa Juni, mvula yamawawa ya kuno ikugwa, iye atafunda bulangete pakhonde. Tidagwirizana kuti kalata yachisanu ndi chimodzi isatchule nkhadze, kapena zaka, kapena mboni, ngakhale liwu limodzi, ndipo ichi chidam'vuta koposa, pakuti kawiri konse adandiimitsa nati, "Lembaniponso kuti ine ndidayamba kufika." Ndidakana. Kalatayo idayamba ndi kuvomera chinthu chimene onse awiri sakadachitsutsa, ndicho chakuti makalata asanu sadawafikitse pena paliponse, ndi kuti njerwa zikuonongeka. Idanena kuti kupempha mkhalapakati sikutanthauza kuti wina wasiya mawu ake, ndi kuti aliyense adzatuluka ndi ufulu wake wonse wopita kukhoti ngati sakhutira. Sitidatchule dzina limodzi, pakuti munthu wotchulidwa ndi mbali imodzi asanduka wa mbali imeneyo asanatsegule pakamwa; tidatchula anthu atatu, tidafotokoza poyera mmene mnansi wanga adziwirana ndi aliyense wa iwo, ndipo tidapempha mwini mpanda kuti asankhepo mmodzi, kapena awakane onse natchule atatu ake. Funso loti mkhalapakatiyo atithandize tidalilemba mosamala: osati "malire ali pati", koma "mpanda umangidwe bwanji kuti nyumba zonse ziwiri zikhale bwino". Tidapempha kuti kufikira tsiku lokumana pasaikidwe njerwa ina, ndipo nkhadze isadulidwe; kuti zolankhulidwa pamenepo zisatuluke kunja kapena kukhala umboni kukhoti; kuti chothokozera mkhalapakati chigawidwe pakati; ndi kuti yankho libwere m'milungu iwiri, kukumana kuchitike mwezi usanathe, ndipo zikakanika onse awiri aitane woyeza malo mmodzi nalipire pamodzi. Kalatayo sitidaitumize kwa loya, ngakhale tidam'patsa yofanana nayo. Tidapempha mlamu uja, amene tidam'chezera kunyumba kwake ndi ulemu wonse, kuti aitumize ndiye, kotero kuti idafika ku Joni kudzera m'dzanja la m'bale.

Yankho lidabwera patapita masiku khumi. Mwini mpanda adakana awiri mwa atatuwo, mmodzi chifukwa ankaimba kwaya limodzi ndi mkazi wa mnansi wanga, chinthu chimene ife tidachiiwala. Adalola wachitatu, mayi wachikulire amene adagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, mkulu wa mpingo umene suli wa mmodzi wa iwo, amene adathandizapo odwala a m'nyumba zonse ziwiri. Mayiyo asanawakhazike pamodzi adayamba wamva aliyense payekha, mnansi wanga pakhonde pake, wa ku Joni pafoni usiku ataweruka ku ntchito. Ndipo m'kucheza kwa padera kumeneko mudatuluka zinthu ziwiri zimene sizidalembedwe m'kalata iliyonse mwa zisanu zija. Mnansi wanga sankalira mapazi anayi a dothi. Puloti yake ili kumunsi, ndipo madzi a mvula ya Mzuzu, imene igwa kufikira Epulo ndi kupitirira, ankatsika m'kangalande kotsata nkhadze ija. Mpanda ukadatseka kangalandeko, madzi onse akadakhotera kukhitchini kwake. Sadalembe zimenezi poopa kuti angayankhidwe kuti, ngati vuto ndi madzi okha, ndiye kuti malowo wawavomera. Wa ku Joni naye sankalimbira dothi. Adali atatumiza kale ndalama za simenti ndi amisiri, abale ena ankanong'ona kuti mlamu wake wadya ndalamazo, ndipo kufukula maziko kukadakhala ngati kutsimikiza manong'onong'owo pamaso pa banja lonse.

Adakumana Loweruka m'mawa pamalo pomwepo, mipando itaikidwa pakati pa milu ya njerwa, foni itatsamizidwa pa ndowa yovundikira kuti wa ku Joni aone ndi kumva. Mayiyo adatsegula ndi pemphero, nakumbutsa mwachidule za Abrahamu ndi Loti, mmene wamkulu adalolera wamng'ono kusankha dziko kuti abusa awo asakangane. Kenaka adapempha aliyense kuti anene yekha chimene adamuuza padera, pakuti iye sadafune kuulula chinsinsi cha munthu. Padakhala chete kanthawi. Mnansi wanga ndiye adayamba, naloza ndi ndodo yake pamene madzi amadzera, ndipo mawu adamveka kuchokera pa ndowa paja akuti, "Adada, bwenzi mutanena kale zimenezi; ine sindifuna kumiza nyumba yanu."

Za malire enieni sadagwirizane, ndipo mayiyo sadawakakamize. Pepala limene adasaina lidanena poyera kuti aliyense akhulupirirabe monga ankakhulupirira. Koma adapangana kuti maziko akhale pamene ali, kuti mwini mpanda aike mapaipi awiri pansi pa mpandawo ndi kumanga ngalande ya simenti yotsikira kumsewu mvula isanayambe, kuti apereke kwa mnansi wanga ndalama imene awiriwo adatchula okha, yotchedwa m'pepalamo chipepeso osati mtengo wa malo, ndi kuti mabikoni atsopano aikidwe onse akuona. Mapepala adalembedwa atatu, limodzi la nyumba iliyonse ndi limodzi losunga mayiyo. Ngalandeyo idachedwa, ndipo mu Okutobala mayiyo adachita kuimbanso foni ku Joni kawiri. Idatha mu Novembala, kutatsala masiku owerengeka kuti mvula yoyamba igwe, ndipo m'mawa mwa tsiku lotsatira mvulayo ndidapeza mnansi wanga ataima pamsewu ndi ndodo yake, akuyang'ana madzi ofiira akutuluka m'mapaipi aja.